Khanda labwera, wamkulu wayamba nsanje: mutani?

Makolo anzanga, sabata ino tikambirane za mwana amene amaiwalika tsiku limene khanda lalowa m'nyumba. Alendo onse obwera kudzaona mwana maso awo amakhala pa kamtolo kamene kali m'manja mwa mayi. Wina wanyamula sopo, wina chitenje, wina shuga. Kuseri kwa chitseko kwaima kamwana ka zaka ziwiri kapena zitatu, chala chili m'kamwa, kakungoyang'ana. Pakangotha sabata ziwiri mayi mumayamba kudandaula kuti, "Mwana uyu wasintha. Anasiya kalekale kukodza pogona koma wayambiranso. Akungolira chilichonse. Dzulo ndinam'peza akutsina khanda."

Imeneyo ndi nsanje, ndipo si chizindikiro choti mwabereka mwana woipa mtima. Imavuta kwambiri kwa ana a zaka zapakati pa chimodzi ndi theka ndi zinayi, chifukwa pamsinkhu umenewu mwana amaona zonse koma alibe mawu okwanira ofotokozera zimene zikumupweteka. Zimene pakamwa palephera kunena, thupi ndi khalidwe zimanena.

Werengani zimene wataya

Musanam'kalipire, khalani pansi muwerenge zinthu zimene mwanayu wataya m'masiku ochepa chabe. Choyamba ndi bere, ngati anali akuyamwabe. Chachiwiri ndi msana. Mwana amene ankapita nanu kumsika, kuchigayo ndi kutchalitchi ali kumbuyo, lero akuona mbereko yomwe ija mwakulunga wina. Chachitatu ndi malo ogona, pakuti usiku ankagona pafupi ndi inu koma tsopano mwamusuntha. Chachinayi ndi nthawi yanu. Khanda limayamwa maulendo 8 mpaka 12 usana ndi usiku. Likamayamwa maulendo 10, ulendo uliwonse mphindi 20 kapena 30, ndiye kuti maola atatu mpaka asanu pa tsiku manja anu ali otanganidwa, osawerengera kulisambitsa ndi kuchapa matewera.

Mwana wa zaka zitatu sadziwa kuwerenga maola, koma amadziwa kuti zonse zinayi zinachoka tsiku limodzi, ndipo tsiku lake ndi limene kunabwera kamunthu kaja. Nzeru zake zimamuuza kuti wolakwa ndi khandalo. Amaonanso kuti amene akulira ndi kudzinyowetsa ndiye akunyamulidwa, choncho naye amayesa njira yomweyo. Ndi chifukwa chake amayambiranso kukodza pogona, kuyamwa chala, kulankhula chikhanda ndi kufuna kudyetsedwa ndi supuni.

Ntchito yanu ili patatu. Zinthu zimene ayenera kutaya, azitaye khanda lisanabwere. Nthawi imene yatsala, mum'patseko gawo lake lodziwika. Ndipo muziyang'anitsitsa kuti zimene mukuzitcha nsanjezo si matenda.

M'mera mpoyamba

Yambani muli woyembekezera. Mwana wamng'ono musamuuze mwezi wachiwiri, chifukwa kwa iye miyezi isanu ndi iwiri yodikira ili ngati zaka. Muuzeni pathupi pakayamba kuoneka, cha m'mwezi wachisanu ndi chimodzi, ndipo mulole aike dzanja amve mwana akugunda. Muuzeni zoona. Ambiri timati, "Tikubweretsera mnzako wosewera naye." Mwana amadikira mnzake womenya naye mpira, kenako kumabwera kanthu kongolira ndi kugona, komwe saloledwa n'kukagwira komwe. Ndi bwino kunena kuti, "Kamwanako kazidzangolira, kuyamwa ndi kugona. Iwenso unali choncho." Ngati kwa aneba kuli khanda, pitani naye akaone.

Zosintha zonse zichitike kutatsala miyezi iwiri kapena itatu kuti muchire. Ngati azidzagona pamphasa yakeyake kapena ndi achemwali ake, ayambe pano, ndipo chifukwa chake chikhale choti wakula, osati choti akupereka malo kwa wina. Pamenepa pali chinthu chimene makolo ambiri amaiwala: neti. Mayi ndi khanda amagona m'neti, wamkulu uja n'kutsala pabwalo pa udzudzu. Malo ake atsopano akhale ndi neti yake kuyambira usiku woyamba.

Kubereka kumbuyo nakonso kuchepe pang'onopang'ono. Bambo, azakhali kapena agogo ayambe kumunyamula pano kuti azolowere msana wina ndi phewa lina. Ngati mukufuna kuti ayambe kupita kusukulu ya mkaka, ayambe mimba isanafike kumapeto. Mukalephera, dikirani khanda lithe miyezi iwiri kapena itatu. Kumutumiza kusukulu sabata yomwe khanda lafika, iye amamva ngati mwamuthamangitsa.

Nkhani ya bere ndi imene imapweteketsa ana ambiri. Kwathu kuno mayi akangozindikira kuti waima, akuluakulu amati mkaka waonongeka, mwana achotsedwe kubere lero lomwe. Ena amapaka tsabola kapena zowawa kubere, ena amam'tumiza mwana kwa agogo usiku womwewo. Mkaka wa mayi woyembekezera suonongeka ndipo suli ndi poizoni. Umangochepa ndi kusintha kakomedwe mimba ikamakula, ndipo ana ambiri amausiya okha. Mayi amene pathupi pake pali bwinobwino angathe kupitiriza kuyamwitsa, bola azidya mokwanira. Amene akutaya magazi, amene anachirapo masiku asanakwane, kapena amene akuyembekezera mapasa, ayambe wafunsa kusikelo. Mukaganiza zomuletsa kuyamwa, chotsani ulendo umodzi woyamwa pa masiku angapo alionse, kuyambira wamasana, ndipo m'malo mwake muike chakudya chenicheni. Ulendo wausiku ukhale womaliza kuchotsa.

Pomaliza, konzani za masiku amene mudzakhale kuchipatala, makamaka inu amene mumakadikirira kuchidikiro sabata zingapo. Ngati n'kotheka, womusamalira abwere kudzakhala panyumba panu m'malo moti mwana achoke. Ndipo musazembe. Mutsanzikeni, ngakhale alire. Mwana amene mayi ake anasowa ali mtulo amayamba kuopa kugona, ndipo mukabwerako safuna kuti muchoke pamaso pake ngakhale popita kubafa.

Khanda likafika

Tsiku lotuluka kuchipatala, polowa m'nyumba khanda linyamulidwe ndi bambo kapena agogo. Manja a mayi akhale opanda kanthu kuti ayambe alandira wamkulu. Ngati munachira ndi opaleshoni musamunyamule, khalani pansi iye akhale pambali panu. Mwina adzakutembenukirani nkhongo ngati sakukudziwani. Musakhumudwe, ndi mmene akukuuzirani kuti anakusowani.

Kenako lankhulani ndi alendo. Nthabwala zathu zija zoti, "Ee, akulanda bere! Amayi ako sakukufunanso, tiye kwathu," akuluakulu timaseka, koma mwana wa zaka zitatu amazitenga zenizeni. Bambo, ntchito iyi ndi yanu, chifukwa mayi amene ali m'chikuta sangakangane ndi apongozi. Nenani mwaulemu kuti, "Amayi, uyu tisamamunene choncho, usiku sakugona." Apempheninso alendo ayambe apereka moni kwa wamkulu, ndipo iye ndiye awaonetse mng'ono wake kapena mlongo wake.

Nthawi yovuta kwambiri ndi yoyamwitsa. Akatswiri awiri a ku Britain, Judy Dunn ndi Carol Kendrick, anatsatira mabanja 40 a ku Cambridge kuyambira mwana wachiwiri asanabadwe, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1982. Anaona kuti ana achisamba ambiri ankachita zosamvera makamaka pamene mayi ali kalikiliki ndi khanda. Anaonanso kuti m'mabanja amene mayi ankakambirana ndi wamkulu za khandalo ngati munthu amene ali ndi zofuna zake, ana awiriwo ankadzagwirizana bwino patsogolo.

Inunso mwaonapo. Mukangoika khanda kubere, ndi pamene wamkulu amataya madzi a mumtsuko kapena kukwera pawindo. Choncho musanayambe kuyamwitsa, yambani mwakonza za iye. Mupititseni kuchimbudzi, mupatseni nthochi kapena mbatata m'kambale kake, ndipo mukhazikeni pambali panu. Dzanja limodzi ligwire khanda, lina likhale paphewa pake. Muimbireni nyimbo, muuzeni nthano, kapena mufunseni kuti, "Ukuganiza kuti akulira chiyani? Njala kapena thewera?" Akapempha kuyamwa musamuseke kapena kumuchititsa manyazi. Ambiri amangofuna kuona ngati mukana. Ngati anali asanasiye kuyamwa, khanda liziyamba ndilo, iye pambuyo.

Tsiku lililonse mwanayu akhale ndi mphindi 15 zakezake ndi mayi, khanda lili mtulo kapena lili ndi munthu wina. Chofunika si kutalika kwake koma kuti zizibwera nthawi yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, mwachitsanzo akangomaliza phala la m'mawa. Pa mphindi zimenezi iye ndiye asankhe chochita, foni ikhale patali, ndipo musazichotse ngati chilango tsiku limene walakwa. Mwana akadziwa kuti gawo lake lilipo ndithu, amasiya kulimenyera tsiku lonse.

Samalaninso ndi mawu. Tikamati, "Sindingakunyamule chifukwa cha mwana," tikumuonetsa mdani. Nenani kuti, "Manja anga atanganidwa, ndikamaliza ndikunyamula," ndipo mukamaliza mumunyamuledi. Nthawi zina amveko mukuuza khanda kuti, "Dikira pang'ono, ndikumuveka nsapato mkulu wako." Khanda silimva, koma mkulu wakeyo amamva kuti kudikira si kwa iye yekha. Mawu oti "ndiwe wamkulu tsopano" asamangobwera pomukaniza zinthu. Ukulu ukhalenso ndi zokoma zake, monga kupita ndi bambo kugolosale kapena kudya chimanga chootcha chimene khanda silingadye.

Akatsina kapena kumenya khanda

Apa pasakhale kunyengerera. Gwirani dzanja lake nthawi yomweyo, mugwade kuti maso anu alingane ndi ake, n'kunena mawu ochepa: "Ayi. Kutsina kumapweteka. Ndikuona kuti wakwiya, koma mwana satsinidwa." Mukatero tonthozani khanda, iye akhale pambali mphindi ziwiri kapena zitatu. Mtima wake ukatsika muonetseni pogwira, monga kumapazi, ndi kagwiridwe kake. Tsiku limene wagwira bwino muyamikireni pomwepo.

Kumukwapula kumaoneka ngati kwathandiza, koma zimene amaphunzira ndi zoti khanda lamubweretsera chikwapu, ndipo ulendo wina adzadikira mutatuluka. Akanena kuti, "Kam'bwezeni kuchipatala," musamukalipire kapena kumukakamiza kunena kuti amalikonda. Muyankheni kuti, "Zikukuwawa kuti ndikukhalitsa naye, eti? Uyu sabwerera, ndi wathu, ndipo iwenso ndiwe wathu."

Lamulo limodzi lokha musaliphwanye: mwana wosakwana zaka zisanu asatsale yekha ndi khanda, ngakhale mukungopita kukatunga madzi pampopi wapanja. Ngozi zambiri sizichokera ku nkhanza koma ku chikondi chosadziwa. Amafuna kuligawira mtedza, kulifunditsa bulangete mpaka kumaso, kapena kulinyamula khosi lisanalimbe. Usiku awiriwa asagone moyandikana.

Banja lina la m'tauni

Ndikupatseni chitsanzo cha banja lina limene ndinalithandizapo ndili pantchito. Linkakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, bambo ankagwira ntchito m'sitolo, ndipo mwana wawo woyamba anali mnyamata wa zaka zitatu. Mayi atatsala pang'ono kuchira, mnyamatayo anam'tumiza kumudzi kwa agogo. Mayi anachira ndi opaleshoni, choncho mwanayo anakhala kumudziko sabata zisanu. Pobwera anapeza khanda lagona pamalo pake, iye am'yalira pabalaza. Sabata yomweyo anayamba kukodza pogona usiku uliwonse, kukana nsima pokhapokha mayi amudyetse, ndipo kawiri anamenya khanda ndi kagalimoto kake kamawaya. Bambo anali atam'kwapula kale kangapo.

Tinayamba ndi thupi. Tinamuyeza sikelo n'kuyerekeza ndi zolembedwa m'buku lake, ndipo sanatsike. Thupi silinali lotentha, mapazi sanatupe, pokodza sankamva kuwawa. Titatsimikiza kuti sakudwala, tinagwirizana zinthu zinayi. Mphasa yake ibwerere kuchipinda, mbali ya bambo, ndi neti yake. Pansi pa chofunda aike pulasitiki, akodze asanagone, ndipo akanyowetsa asinthidwe popanda mawu. Mayi am'patse mphindi 15 m'mawa uliwonse khanda likagona. Bambo akaweruka azimusambitsa ndi kumugoneka okha, ndipo chikwapu chilekeke.

Sabata yoyamba zinthu zinaoneka ngati zaipiraipira. Mphindi 15 zikatha ankalira kwambiri, ndipo bambo anafuna kuzisiya. Izi zimachitika kawirikawiri, chifukwa mwana amakhala asanakhulupirire kuti mawa zidzabweranso. Anapirira. Pofika sabata yachitatu kumenya kunatha, ndipo anayamba kuthamangira kukatenga thewera khanda likalira. Nsima anayambiranso kudya yekha. Kukodza pogona ndi kumene kunachedwa, kunatha patapita pafupifupi miyezi iwiri. Kunadzabweranso masiku ochepa pamene khanda linayamba kukwawa ndi kugwira zidole zake. Inunso muyembekezere zimenezi, ndipo nthawiyo ikafika m'patseni katoni kapena shelefu ya zinthu zake zimene sakakamizidwa kubwereka.

Nsanje kapena matenda?

Gawo ili ndi limene ndikufuna mulisunge. Mwana wosowa chakudya m'thupi amakhala wokwiyakwiya, wolira, wokana kudya ndi wokakamira mayi, ndendende ngati wansanje. Mu 1935 dokotala wina, Cicely Williams, amene ankagwira ntchito m'dziko limene lero ndi Ghana, analemba za matenda otupikana pogwiritsa ntchito dzina limene anthu a mtundu wa Ga ankawatchula, kwashiorkor. Dzinali amalimasulira kuti matenda amene mwana wamkulu amadwala wina akabadwa. Ife kuno timati nthumbidwa, ndipo mwana akatupa ena amathamangira kunena za tsempho, makolo n'kuyamba kulozana zala. Pamene akulu akukangana, mwana akufooka.

Kusiyanitsa kwake n'kotere. Wansanje amakana kudya kwa inu, koma kwa aneba kapena kwa bambo amadya. Amalira m'nyumba, koma anzake akabwera amathamanga nawo. Wodwala amakana chakudya kwa aliyense ndipo amangokhala phee ngakhale anzake akusewera. Dinikizani chala chachikulu pamwamba pa mapazi ake onse awiri, muwerenge mpaka katatu pang'onopang'ono, kenako chotsani. Pakatsala kadzenje mapazi onse awiri, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Onaninso tsitsi ngati layamba kufiira ndi kupyapyala, ndi khungu ngati likusupuka.

Musasiye kupita naye kusikelo chifukwa choti kwabwera khanda. Sikelo ndi ya mwana aliyense mpaka zaka zisanu. Mwana wa zaka ziwiri mpaka zisanu amaonjezera pafupifupi makilogalamu awiri pa chaka, choncho mzere wa m'buku lake uyenera kumakwera, ngakhale pang'onopang'ono. Ukaima kapena kutsika, pali vuto. Alangizi azaumoyo amayezanso mkono ndi kalamba ka mitundu itatu. Kakaonetsa kufiira, kutanthauza kuti mkono sukukwana masentimita 11.5, mwanayo akufunika chithandizo msanga. Kunyumba azidya kasanu pa tsiku, katatu chakudya chenicheni ndi kawiri zotolatola, m'mbale yakeyake kuti muone zimene wadya. Phala lake likhale lothira nsinjiro, soya, dzira kapena usipa wosinja.

Thupi likatentha musanene kuti akulira nsanje, kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Kukodza pogona kwa mwana wosakwana zaka zisanu si matenda, koma ngati akulira pokodza, akukodza pafupipafupi usana womwe, kapena akumwa madzi modabwitsa uku akuonda, akayezedwe mkodzo ndi shuga. Pitaninso mukafunse ngati miyezi itatu yatha popanda kusintha kulikonse, ngati wasiya kulankhula mawu amene ankawadziwa, kapena ngati akufunafuna mpata wopweteka khanda mobwerezabwereza.

Mawu omaliza apite kwa abambo ndi agogo. Nthawi zina amene wathedwa mphamvu ndi mayi. Mukaona kuti papita sabata zoposa ziwiri mayi akungolira, sakugona ngakhale khanda litagona, ndipo alibe chidwi ndi ana onse awiri, mupite nawo kuchipatala, chifukwa matenda a nkhawa obwera mayi akachira alipo ndipo amachizika. Mutu umodzi susenza denga. Mayi sangapeze mphindi 15 za mwana wamkulu ngati palibe wogwira khanda, wotunga madzi ndi wophika. Madzulo ano mukamadya, gawanani ntchitozo, ndipo mugwirizane ola limene mawa wamkuluyo adzakhale ndi mayi ake payekha.